Kamwana ka gwape kamene muyenera kukayankha

*Ndili chaka chachitatu ndipo ndikulemba chimangirizo cha mawu 2,500 pa filosofi ya chipembedzo. Ndikuikira kumbuyo mfundo yakuti zoipa zimene zili padziko sizitsutsa kuti kuli Mulungu wamphamvuyonse ndi wabwino, ndipo ndadalira ufulu wosankha umene anthu tili nawo. Aphunzitsi andibwezera pepala atalemba kuti ndayankha wotsutsa wofooka, ndipeze wamphamvu kwambiri. Wamphamvuyo ndi uti, nanga ndimuyankhe bwanji?*

Pepala lanu sindinalione, koma ndikhoza kulota munthu amene mwalimbana naye. Ndi J. L. Mackie, amene mu 1955 analemba kuti mfundo zitatu izi sizingakhalire pamodzi: Mulungu ndi wamphamvuyonse, Mulungu ndi wabwino kotheratu, ndipo zoipa zilipo. Iye ankati wovomereza zonse zitatu akudzitsutsa yekha. Alvin Plantinga anamuyankha mu 1974 kuti n'zotheka kuti Mulungu sakanatha kulenga anthu aufulu weniweni n'kuwakakamizanso kuti azisankha zabwino zokhazokha, ndipo ngati zimenezo n'zotheka chabe, kudzitsutsa kuja kulibe. Akatswiri ambiri, ngakhale osakhulupirira Mulungu, amavomereza kuti pa mlandu umenewo Plantinga anapambana. Ndiye mukathera masamba atatu pamenepo mukumenya njoka yakufa kale, ndipo wochonga amadziwa.

Amene aphunzitsi anu akumufuna ndi William Rowe, ndi nkhani imene anasindikiza mu 1979. Rowe sanena kuti Mulungu ndi zoipa sizingakhalire pamodzi. Akuvomereza kuti zingatheke. Chimene akunena n'chakuti mtundu wa mavuto amene tikuwaona, ndi kuchuluka kwake, ndi umboni wamphamvu wakuti Mulungu wotere kulibe. Anapereka chitsanzo chimodzi chimene chavutitsa anthu zaka zoposa 40. Mphenzi yamenya mtengo wouma m'nkhalango yakutali, moto wabuka, kamwana ka gwape kazingidwa n'kupsa koopsa. Sikafa pomwepo. Kagona masiku angapo mu ululu wosaneneka, kenako n'kufa, popanda munthu amene wakaona kapena amene adzamve za iko.

Taonani mmene chitsanzochi anachisemera. Motowo sanayatse munthu, choncho ufulu wosankha sukulowapo. Gwape alibe tchimo, choncho simunganene kuti ndi chilango. Palibe amene waonerera, choncho simunganene, monga ankaphunzitsira John Hick mu 1966, kuti mavuto amaumba khalidwe la munthu ndi kumuphunzitsa chifundo. Khomo lililonse limene mumafuna kuthawira, Rowe analitseka musanafike. Ine ndikamachonga mapepala ndimaona ophunzira akuyesa kutsegula makomo omwewo ndi zitsanzo za kwathu kuno. Wina amalemba za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, n'kunena kuti matope amene anakwirira anthu ku Chilobwe anatsika chifukwa anthu anadula mitengo m'phiri la Soche ndi kumanga m'malo oopsa. Pali choonadi pamenepo, koma sichimukhudza Rowe. Nyama zakhala zikupsa, kudwala ndi kudyana zaka mamiliyoni ambiri munthu asanagwire nkhwangwa. Wina amati ndi ntchito ya Satana. Plantinga mwiniwake anatchulapo za angelo ogwa, koma anangozitchula monga chinthu chotheka, pofuna kuonetsa kuti palibe kudzitsutsa. Pa mlandu wa umboni kungotheka sikukwana, ndiponso funso limangosuntha pang'ono: nanga wamphamvuyonse anamulekeranji Satanayo? Za chilango musaziyambe n'komwe. Khanda limene linafera kumsana kwa amake linalakwanji? Ngakhale m'Baibulo momwe, pa Luka 13, Yesu akukana kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali olakwa kuposa anzawo.

Choyamba chimene muchite m'chimangirizo ndi kumuimika Rowe chilili, m'mawu amene iye akanawavomereza atawawerenga. Mtsutso wake uli ndi mizati iwiri ndi denga limodzi. Mzati woyamba ukuti pali mavuto aakulu amene wamphamvuyonse ndi wodziwa zonse akanatha kuwaletsa popanda kutaya chabwino china choposa, ndiponso popanda kulola choipa china chofanana nawo kapena chowaposa. Mzati wachiwiri ukuti wodziwa zonse amene ndi wabwino kotheratu akanaletsa vuto lililonse lotere. Denga ndi lakuti, choncho, wamphamvuyonse, wodziwa zonse ndi wabwino kotheratu kulibe. Mukavomereza mizati yonse iwiri, denga mulibe polikanira, pakuti likutsatira bwino lomwe. Ntchito yanu tsono yachepa: mugwetse mzati umodzi, ndipo muuze wowerenga kuti ndi uti.

Wachiwiriwo usiyeni. Okhulupirira ambiri amauvomereza, chifukwa Mulungu amene angaonerere ululu wopanda phindu lililonse, akutha kuuletsa, ndi wovuta kumutcha wabwino. Alipo akatswiri amene amaukana, monga Peter van Inwagen, koma njira imeneyo imafuna malo ambiri kuposa amene muli nawo. Lunjikani pa woyamba, ndipo funso limene mumufunse Rowe ndi losavuta: mwadziwa bwanji kuti imfa ya kagwape kaja ilibe chabwino chilichonse chimene ikutetezera? Iye sananene kuti angathe kutsimikiza zimenezo kotheratu. Anati tikaganiza mozama sitiona chabwino chotere, ndipo poti mavuto ooneka opanda phindu ndi ochuluka zedi, n'zanzeru kukhulupirira kuti ena mwa iwo alibedi phindu. Mphamvu yonse ya mtsutso ili pa kudumpha kumeneku, kuchoka pa "sitikuona chifukwa" kufika pa "chifukwa palibe". Apa ndi pamene pali chiswe, ndipo amene anapaloza bwino ndi Stephen Wykstra mu 1984.

Mfundo ya Wykstra ndi yakuti kusaona chinthu kumakhala umboni wakuti chinthucho palibe pokhapokha ngati chikanakhalapo mukanachiona. Mukasuzumira m'khola masana n'kusaona mbuzi, mukhoza kunena molimba mtima kuti m'kholamo mulibe mbuzi, chifukwa mbuzi ndi yaikulu, khola ndi laling'ono, ndipo maso anu ndi okwana ntchitoyo. Koma mukatunga madzi pachitsime, n'kuwayang'ana m'kapu n'kuona kuti ali mbee, simunganene kuti mulibe tizilombo ta kolera. Madzi oipa ndi madzi abwino amaoneka chimodzimodzi kwa diso. Pa zochitika ziwirizi mawu ndi amodzi, "sindikuona", koma pa khola ali ndi kulemera ndipo pa kapu alibe. Funso tsono ndi lakuti zifukwa za Mulungu, ngati zilipo, zili ngati mbuzi kapena ngati tizilombo? Wykstra anati ngati Mulungu ndi wodziwa zonse, kusiyana kwa nzeru zake ndi zathu kuli ngati kwa kholo ndi khanda la mwezi umodzi, ndipo n'zoyembekezereka kuti zifukwa zake zambiri zikhale kutali ndi maso athu. Kusaona kwathu n'kumene tikanakuyembekezera kaya Mulungu alipo kaya kulibe, choncho sikungatiuze kuti zoona n'ziti.

Samalani ndi chimene yankho ili likunena ndi chimene silikunena, chifukwa ambiri amaterereka pomwepa. Silikunena kuti kagwape kanapsa pa chifukwa chakuti ndi chakuti. Silikunenanso kuti tikudziwa kuti chifukwa chilipo. Likungonena kuti Rowe alibe poima poti anene kuti palibe. Mukangoyamba kupeka zifukwa, monga zakuti phulusa lidzabereketsa nthaka, mwatuluka m'linga ndipo wotsutsa akulasani mosavuta: nthaka ikanabereka ngakhale kagwape kakanafa m'mphindi imodzi m'malo mwa masiku angapo.

Pali ngozi inanso. Wochonga akhoza kuwerenga ndime yanu n'kulemba m'mphepete kuti mwangonena "za Mulungu n'zozama" m'mawu a kusukulu. Kuti mupewe zimenezo, perekani zifukwa zokayikira kuona kwa munthu zimene ngakhale wosapemphera angazivomereze. Michael Bergmann anaziyala mu 2001, ndipo mtima wake ndi uwu: tilibe chifukwa chabwino choganizira kuti zabwino ndi zoipa zimene tikuzidziwa zikuimira zabwino ndi zoipa zonse zimene zingakhalepo, kapena kuti tikudziwa mmene zonsezo zimalumikizirana. Ganizirani za munthu amene waphunzira bawo dzulo, akuonerera mkulu wina akusewera pansi pa mtengo. Mkuluyo wasiya dzenje lodzaza kuti mnzake adye. Wophunzirayo saona phindu lake, koma angakhale wopusa kunena kuti phindu palibe, chifukwa iye amatha kuwerengera kutsogolo kamodzi kokha pamene mkuluyo akuona kutali. Bawo lili ndi maenje 32 okha. Zotsatira za moto umodzi m'nkhalango, pa zaka mazana, palibe munthu amene angaziwerengere.

Ndime yake m'chimangirizo ikhoza kuyenda chonchi, ndipo muisinthe kuti ikhale m'mawu anu: "Mtsutso wamphamvu kwambiri wotsutsa mfundo yanga ndi wa Rowe, pakuti chitsanzo chake sichikhudza ufulu wa munthu konse, ndipo ndikuvomereza kuti zimene ndanena pamwambapa sizikuyankha. Ndikuvomerezanso mzati wake wachiwiri, komanso kuti ine sindikuona chabwino chimene ululu wa kagwape ukutetezera. Chimene ndikukana ndi chakuti kusaona kwangako ndi umboni wokwanira wa mzati woyamba. Kusaona kumakhala umboni pamene tili ndi chifukwa choganizira kuti chinthucho chikanaoneka, ndipo Rowe sanapereke chifukwa chotere pa zolinga za wodziwa zonse." Onani kuti m'ndime imeneyi mwavomereza zinthu zitatu musanakane chimodzi. Zimenezo n'zadala. Wowerenga amadziwa tsopano malo enieni amene mukusiyana ndi Rowe, ndipo akhoza kuyeza ngati mwapambana.

Mukaimira pomwepa mudzapeza malikisi abwinoko, koma osati apamwamba, chifukwa yankho la Wykstra lili ndi mtengo wake ndipo aphunzitsi anu akuudziwa. Wotsutsa wanzeru sakhala chete, amabweza. Kubweza koyamba kunalembedwa mwamphamvu ndi Michael Almeida ndi Graham Oppy mu 2003. Tiyerekeze kuti mukuyenda m'mbali mwa mtsinje wodzaza ndipo mwaona mwana akukokoloka, inu mukutha kusambira. Ngati ndi zoona kuti sitingadziwe zabwino zobisika zimene mavuto amatetezera, mwadziwa bwanji kuti kumupulumutsa ndi kwabwino? Mwina imfa yake ikutetezera chinthu chachikulu chimene inu simukuchiona. Aliyense akudziwa kuti woima chilili pa chifukwa chotere ndi munthu woipa. Choncho, akutero otsutsawo, kukayikira kumene mwakugwiritsa ntchito pomuteteza Mulungu kwawononga chikumbumtima cha munthu.

Kubweza kumeneku kuli ndi yankho labwino ndithu. Udindo wa munthu umachokera pa zimene iye akudziwa ndi pa malo amene waima, osati pa zotsatira zonse zimene palibe angaziwerenge. Inu mukudziwa kuti mwana akumira, kuti kumira ndi koipa, ndiponso kuti mungathe kumuvuula. Simukudziwa chifukwa chilichonse chomusiyira. Zimenezo zakwana. Dokotala akhoza kudula mwendo wa wodwala chifukwa wauyeza ndipo ali ndi ulamuliro wotero, koma m'bale amene wabwera ndi phala sangagwire mpeni ponena kuti mwina pali chifukwa. Zifukwa zimene wina ali nazo, ndi mphamvu zimene wina ali nazo, sizisanduka zanu chifukwa chakuti mwaganiza kuti mwina zilipo. Ndime imodzi ikukwanirani pa zimenezi.

Kubweza kwachiwiri ndi kumene ine ndimakuona kolemera, ndipo kunachokera kwa Rowe mwiniwake m'zolemba zake za pambuyo pake. Iye anati, chabwino, tiyeni titenge fanizo lanu la kholo ndi mwana. Mwana wagonekedwa m'chipatala, akubayidwa majakisoni amene sakumvetsa chifukwa chake. Mayi wachikondi amatani? Samuuza za mankhwala, pakuti mwanayo sangamve, koma sachoka pambali pa bedi. Amagona pansi pa simenti usiku wonse, amamugwira dzanja, amamuuza kuti ndili pompano. Pamene mwana sakumvetsa m'pamene kholo limayandikira kwambiri. Nanga bwanji anthu ambiri amene ali m'masautso aakulu amati sanamve kuti Mulungu ali pafupi? Apa Rowe watenga mkondo wanu womwe n'kukulasani nawo. Kubisika kwa zifukwa mwakufotokoza, koma kubisika kwa kholo simunakufotokoze.

Mukhoza kuyankha kuti kukhala chete kwa Mulungu nako kungakhale ndi chifukwa chimene sitichiona. Yankho limeneli likugwirizana ndi zimene mwanena kale, koma zindikirani kuti mukamabwereza mawu amodzimodzi pa funso lililonse, wowerenga amayamba kukayika ngati pali chinthu padziko chimene mungachivomereze monga umboni wokutsutsani. Mukhozanso kunena kuti okhulupirira ambiri amachitira umboni kuti anatonthozedwa pa nthawi ya maliro ndi matenda, ndipo Mkhristu angawonjezere kuti pa mtanda Mulungu analowa m'masautso mwiniwake. Izi zimachepetsa kulemera kwa funso koma sizilichotsa, chifukwa Rowe akufunsa za amene sanatonthozedwe, ndipo kagwape kaja kanafa kokha. Malangizo anga ndi akuti mulembe poyera kuti apa mtsutso wa Rowe ukadali ndi mphamvu ina. Ophunzira amaopa chiganizo chotere, amaganiza kuti ndi kugonja. Kwa ife ochonga, chimatisonyeza kuti wolemba akudziwa malire a zimene watsimikiza, ndipo pepala lonamizira kuti lathetsa nkhani imene David Hume anaisiya yotseguka m'buku lake lotuluka mu 1779 sitilikhulupirira.

Tsono bwererani kumayambiriro kwa chimangirizo chanu ndi cholembera chofiira, chifukwa yankho la Wykstra limaluma mbali zonse. Ngati pa tsamba loyamba munalemba kuti kukongola kwa chilengedwe, mvula yabwino ndi zokolola zikuonetsa poyera kuti Mulungu ndi wabwino, ndiye pa tsamba lachinayi n'kulemba kuti munthu sangathe kuweruza zolinga za Mulungu poyang'ana zochitika, wochonga adzakufunsani chifukwa chimene maso anu amaona bwino pa dzinthu koma n'kuchita khungu pa chilala. Chimodzimodzi ngati munalemba motsimikiza kuti Mulungu amalola zoipa chifukwa cha ufulu wosankha. Sinthani chiganizocho chinene kuti ufulu ndi chifukwa chimodzi chotheka, chimene chikukwana kumuyankha Mackie pa zoipa zochitidwa ndi anthu. Mukatero mbali ziwiri za pepala lanu zidzaleka kudyana.

Mfundo yanu yaikulu nayo ifupikitseni kuti ifanane ndi zimene mwakwanitsa. Simunaonetse kuti Mulungu alipo, ndipo simunaonetse kuti vuto lililonse lili ndi phindu. Mwaonetsa kuti Mulungu ndi zoipa sizitsutsana mwa izo zokha, ndiponso kuti njira imene Rowe anadzera pofika pa mzati wake woyamba ndi yosalimba monga imaonekera. Ngati mukufuna kupita patsogolo pang'ono, Rowe mwiniwake anakusiyirani njira, imene anaitcha ndi dzina la katswiri wa filosofi wa ku England, G. E. Moore: munthu amene ali ndi zifukwa zina zolimba zokhulupirira kuti Mulungu alipo akhoza kuutembenuza mtsutso, n'kunena kuti poti Mulungu alipo, ndipo sangalole vuto lopanda phindu, ndiye kuti mzati woyamba ndi wabodza. N'chifukwa chake Rowe, ngakhale sankakhulupirira, ankavomereza kuti wokhulupirira akhoza kukhala woganiza bwino. Koma njira imeneyi imadalira zifukwa zinazo, zimene chimangirizo chanu sichikuzitsimikiza, choncho itchuleni m'ziganizo ziwiri n'kuisiya.

Pa mawu 2,500 amene muli nawo, ine ndikanapereka osapitirira 500 kwa Mackie ndi Plantinga, pafupifupi 400 kumuimika Rowe bwinobwino, 600 ku yankho la mbuzi ndi tizilombo, ndipo 600 ena ku kubweza kuwiri kuja, gawo lalikulu likupita kwa mayi wa m'chipatala. Otsalawo ndi a mawu oyamba ndi omaliza. Mukamaliza, perekani ndime ya Rowe yokha kwa mnzanu wa m'kalasi amene sagwirizana nanu, osamuonetsa zinazo, ndipo mumufunse ngati angasinthepo liwu lililonse kuti mtsutsowo ulimbe. Akapeza poti alimbitse, lembani monga wanenera, kenako muonenso ngati yankho lanu likugwirabe.